Zosankha za pokambirana ndi mathero a gemu ya The Witcher 3

The Witcher 3: Wild Hunt ndi gemu ya pakompyuta yotsata nkhani, yomwe inapangidwa ndi kampani ya CD Projekt Red ya mumzinda wa Warsaw ku Poland. Inatuluka pa 19 Meyi 2015 pa makompyuta, PlayStation 4 ndi Xbox One, ndipo nkhani yake inachokera m'mabuku a Andrzej Sapkowski. Wosewera amayendetsa Geralt, mlenje wa zilombo amene akufunafuna Ciri, mtsikana amene anamulera ngati mwana wake.

Mu gemuyi wosewera amasankha zimene Geralt ayankhe akamalankhula ndi anthu. Mayankho otere ndi ambirimbiri, koma amene amasintha mathero a nkhani ya Ciri ndi ochepa kwambiri. Gemu imawerengera mayankho asanu okha pofuna kudziwa ngati Ciri abwerere wamoyo, kenako imayang'ana zinthu zina ziwiri pofuna kudziwa moyo umene adzakhale nawo. Nkhani ino ikufotokoza mathero onse a gemuyi mosabisa.

## Mmene kukambirana kumayendera

Geralt akamalankhula ndi munthu, pa sikirini pamabwera mizere ingapo yoti wosewera asankhepo. Mizere yoyera imakhala yongofunsira zambiri, ndipo ikatha kukambirana kumabwerera pomwe kunali. Mizere yachikasu ndi imene imapititsa nkhani patsogolo. Nthawi zina pamaonekanso kamzere kosonyeza kuti nthawi ikutha, ndipo wosewera amayenera kuyankha msanga.

Si mzere wachikasu uliwonse umene umasintha nkhani. Mayankho ambiri ali ngati tinjira tiwiri tozungulira chulu: timasiyana pang'ono, kenako n'kukumananso kutsogolo. Geralt akhoza kuyankha mwaulemu kapena mwachipongwe, munthu winayo n'kuyankha mogwirizana ndi zimenezo, koma zochitika zotsatira zimakhala zomwezo. Opanga magemu amachita izi chifukwa njira iliyonse yatsopano imafunika olemba, ojambula ndi ojambulitsa mawu. Pakanakhala kuti yankho lililonse limagawa nkhani pawiri osakumananso, mayankho 10 okha akanabala njira 1,024.

M'malo mwake gemu imasunga chizindikiro chobisika chosonyeza zimene wosewera anasankha pamalo ena ofunika. Nkhani imapitirira ngati palibe chasintha, ndipo chizindikirocho chimadzawerengedwa patapita maola ambiri akusewera.

## Mathero atatu a Ciri

Ciri ndi mwana wobereka wa Emhyr var Emreis, mfumu yaikulu ya dziko la Nilfgaard, ndipo ali ndi mphamvu yodutsa kuchoka m'dziko lina kupita m'dziko lina. Chifukwa cha mphamvuyi akusakidwa ndi gulu la ankhondo lotchedwa Wild Hunt, lomwe mtsogoleri wake ndi Eredin. Eredin akagonjetsedwa, Ciri amalowa pakhomo lamatsenga la mu nsanja ina kukalimbana ndi White Frost, chisanu choopsa chimene chimawononga maiko. Zikatero gemu imaonetsa amodzi mwa mathero atatu, m'gawo lomaliza lotchedwa Something Ends, Something Begins.

M'mathero oyamba Ciri sabwerera. Geralt amapita ku dambo la Crookback Bog, amapha mfiti yomwe inatsala, n'kutenga mendulo ya malemu Vesemir imene mfitiyo inalanda kwa Ciri. Nkhani imatha iye atakhala m'kanyumba, zilombo zikuzungulira panja. Gemu siionetsa mtembo wa Ciri, koma Geralt amamutenga ngati wamwalira.

M'mathero achiwiri Ciri amabwerera n'kukhala mlenje wa zilombo ngati Geralt. Geralt amakanamiza Emhyr kuti mwana wake wamwalira, kenako amakakumana ndi Ciri pa nyumba ya alendo ku White Orchard n'kumupatsa lupanga la siliva.

M'mathero achitatu Ciri amabwerera, koma amavomera kukalowa ufumu wa bambo ake. Amacheza ndi Geralt tsiku limodzi lomaliza ku White Orchard, kenako asilikali a Nilfgaard amadzamutenga.

## Mayankho asanu amene amawerengedwa

Mayankho onse asanu ali chakumapeto kwa gemu, Geralt atamupeza kale Ciri ndiponso nkhondo ya ku Kaer Morhen itatha. Pa nkhondoyi m'pamene amafera Vesemir, mlenje wachikulire amene anaphunzitsa onse awiri.

Loyamba lili m'gawo la Blood on the Battlefield. Ciri wakhumudwa chifukwa cha malirowo komanso chifukwa akulephera kulamulira mphamvu zake. Geralt akhoza kumuuza kuti akudziwa chimene chingamusangalatse, ndipo awiriwo amayamba kugendana ndi chipale chofewa. Ili ndi yankho labwino, kaya wosewera apambane kapena agonje pa kugendanako. Akhozanso kumuuza kuti asadzivutitse chifukwa munthu sangakhoze zonse, ndipo amapita kukamwa mowa. Ili limawerengedwa kuti ndi loipa.

Lachiwiri lili m'gawo lomwelo, koma limabwera pokhapokha Geralt akapita ndi Ciri kwa Emhyr ku Vizima. Mfumu imafuna kulipira Geralt ndalama zimene inamulonjeza akapeza mwana wake, Ciri ali pompo. Kukana ndalamazo ndi yankho labwino, ndipo mfumu imamupatsa hatchi m'malo mwake. Kuzilandira ndi yankho loipa, chifukwa Ciri amaona ngati wagulitsidwa. Wosewera amene sanapite ku Vizima sakumana nalo funsoli, choncho amatsala ndi mayankho anayi.

Lachitatu lili m'gawo la Final Preparations mumzinda wa Novigrad. Akazi awiri amatsenga, Philippa Eilhart ndi Margarita Laux-Antille, akufuna kulankhula ndi Ciri, ndipo iye ali ndi nkhawa. Kumulimbikitsa kuti akalowe yekha ndi yankho labwino. Kulowa naye ndi yankho loipa, chifukwa Geralt amayamba kumuyankhira ngati mwana wamng'ono.

Lachinayi lili m'gawo la Child of the Elder Blood ku zilumba za Skellige. Ciri walowa mu labotale yobisika ya Avallac'h, mphunzitsi wake. Kumeneko wapeza kuti Avallac'h wakhala akufufuza za mtundu wake kwa zaka zambiri, ndipo mkazi wina amene anamupeza m'menemo wamunyoza. Ciri akufuna kuphwanya zinthu. Kumulola ndi yankho labwino. Kumuuza kuti aupeze mtima ndi yankho loipa.

Lachisanu limabwera atangotuluka mu labotaleyo. Ciri wamva kuti Skjall, mnyamata amene anamuthandiza kuthawa pa chilumba cha Hindarsfjall, anamwalira, ndipo akupempha kuti akaone manda ake. Kupita naye ndi yankho labwino. Kumuuza kuti palibe nthawi ndi yankho loipa.

Mayankho abwino atatu ndi okwanira kuti Ciri abwerere. Mayankho oipa atatu ndi okwanira kuti asabwerere. Palibe yankho limodzi mwa asanuwa limene limamupulumutsa kapena kumutaya palokha. Wosewera amene wayankha bwino pa atatu oyamba amakhala kuti wapulumutsa kale Ciri ali ku Novigrad, ndipo zimene anganene ku Skellige sizingasinthenso kanthu. Chimodzimodzinso amene walakwa pa atatu oyambawo sangakonzenso zinthu ngakhale atapita ku manda a Skjall.

Mfundo imene imamanga mayankho onsewa ndi imodzi. Gemu siyesa ngati Geralt ndi waulemu kapena wofatsa, koma ngati akumukhulupirira Ciri monga munthu wamkulu ndi kumva zimene zili kukhosi kwake.

## Zimene zimasiyanitsa mfumukazi ndi mlenje

Ciri akapulumuka, gemu imafunsa mafunso awiri. Kodi anakaonana ndi Emhyr ku Vizima? Nanga kodi Nilfgaard yapambana nkhondo yolimbana ndi maiko akumpoto? Amakhala mfumukazi pokhapokha mafunso onse awiri akayankhidwa kuti inde. Limodzi likalephereka, amakhala mlenje wa zilombo.

Funso loyamba limathera pa yankho limodzi. Ciri akanena kuti akufuna kupita ku Velen kukabwezera imfa ya Vesemir, Geralt akhoza kuvomera kuti apite molunjika, kapena kunena kuti ayambe aonana ndi mfumu. Kupita molunjika kumatsekeratu mathero a ufumu pompo, ngakhale kuti sikuwerengedwa ngati yankho labwino kapena loipa.

Funso lachiwiri ndi lalitali chifukwa limadalira nkhani ina yapambali, yokhudza chiwembu chofuna kupha Radovid, mfumu ya dziko la Redania. Radovid ndiye akutsogolera maiko akumpoto, ndipo akakhala moyo amapambana nkhondo. Kuti chiwembucho chitheke, wosewera amayenera kudutsa malo atatu.

Poyamba ayenera kumaliza gawo lapambali la A Deadly Plot asanapite ku The Isle of Mists, chilumba chimene Geralt amakapezako Ciri. Gemu imachenjeza pa sikirini kuti magawo ena apambali atsekeka munthu akalowa pa chilumbachi, ndipo ili ndi limodzi mwa iwo. Apa ndi pamene mathero a ufumu angatsekeke koyamba, Ciri asanapezeke n'komwe.

Kachiwiri, m'gawo la Blindingly Obvious, Geralt amakumana ndi Sigismund Dijkstra, yemwe kale anali mkulu wa akazitape a Redania, akumuletsa kutuluka ndi Philippa. Geralt akhoza kumuululira chinsinsi chokhudza mfumu ya Nilfgaard, kapena kusankha mzere wolembedwa kuti "Shove Dijkstra aside. Forcefully." Mawuwa amamveka ngati kungomukankhira pambali, koma chimene chimachitika n'chakuti Geralt amamumenya n'kumuthyola mwendo. Zikatero Dijkstra samuitananso ku chiwembucho, gawo la Reason of State silitseguka, ndipo Radovid amakhala moyo.

Kachitatu, m'gawo la Reason of State, Radovid ataphedwa, Dijkstra amatembenukira anzake Vernon Roche, Ves ndi Thaler, amene anagwirizana ndi Nilfgaard kuti dziko lawo la Temeria lidzakhalenso ndi ulamuliro wake pansi pa Emhyr. Geralt akawateteza, Dijkstra amafa ndipo Nilfgaard imapambana. Akangochokapo, atatuwo amaphedwa, Dijkstra amatenga ulamuliro wa kumpoto ndipo Nilfgaard imagonja.

Choncho nkhondo ili ndi mathero atatu: kupambana kwa Radovid, kwa Dijkstra, kapena kwa Emhyr. Ndi omaliza okhawo amene amatsegulira Ciri mpando wachifumu.

## Chitsanzo cha kuwerengera

Wosewera wina wamaliza A Deadly Plot nthawi yabwino. Nkhondo ya ku Kaer Morhen itatha, wagendana ndi Ciri chipale chofewa, choncho ali ndi yankho labwino limodzi. Wapita naye ku Vizima, koma popeza amafuna ndalama zogulira zida, walandira malipiro a mfumu. Tsopano abwino ndi limodzi, oipa ndi limodzi.

Ku Novigrad wasankha kukankha Dijkstra. Izi sizikhudza kuwerengera kwa Ciri, koma zatseka Reason of State. Kuyambira pamenepa Ciri sangakhalenso mfumukazi, ngakhale kuti anaonana ndi bambo ake. Kenako wosewerayo, poopa kuti akazi amatsenga amupusitsa mtsikanayo, walowa naye ku msonkhano. Oipa afika awiri, labwino likadali limodzi.

Wosewerayu watsala ndi mafunso awiri, ndipo sayenera kulakwanso. Mu labotale walola Ciri kuphwanya zinthu, ndipo mbali zonse zafanana, awiri ndi awiri. Zonse zatsalira pa manda a Skjall. Akapita naye, abwino amakwana atatu ndipo Ciri amadzakhala mlenje wa zilombo. Akanena kuti palibe nthawi, oipa amakwana atatu ndipo nkhani imakathera ku dambo la Crookback Bog.

Mu chitsanzochi yankho la ku manda limaoneka ngati ndilo lagamula zonse, koma lalemera choncho chifukwa cha anayi amene anabwera m'mbuyo. Wosewerayo akanakana ndalama ku Vizima, akanafika pa funso la manda ali ndi abwino atatu kale.

## Zosankha zimene sizisintha tsogolo la Ciri

Kukambirana komaliza pa nsanja, m'gawo la Tedd Deireadh, The Final Age, kumaoneka kofunika kuposa kwina kulikonse. Geralt akhoza kumuchonderera Ciri kuti asalowe, kumufunira mwayi, kapena kukhala chete. Chilichonse chimene anganene, Ciri amalowabe, ndipo zotsatira zake zimakhala zitakhazikika kale.

Palinso nkhani zina zikuluzikulu zimene zili ndi mathero awoawo koma sizikhudza Ciri. Ku Velen, Geralt amasankha kupha kapena kumasula mzimu womangidwa pansi pa mtengo m'gawo la The Whispering Hillock, ndipo izi zimakhudza ana amasiye a ku dambo, mudzi wa Downwarren ndi banja la mtsogoleri wotchedwa Bloody Baron. Ku Skellige, wolowa ufumu akhoza kukhala Cerys, Hjalmar kapena Svanrige.

Nkhani ya chikondi nayonso imayenda payokha. Geralt akhoza kuuza Triss Merigold kuti amamukonda m'gawo la Now or Never, kapena kuuza Yennefer m'gawo la The Last Wish. Akasankha mmodzi, amadzakhala naye nkhani ikatha. Akauza onse awiri, akaziwo amapangana, amamumangirira pa bedi m'nyumba ya alendo n'kumusiya, ndipo amatsala yekha.

Mathero a nkhani zapambalizi amafotokozedwa ndi zithunzi zojambulidwa ndi mawu a wofotokoza. Kuphatikiza zonsezi ndi kumene kumabweretsa chiwerengero cha mathero 36 chimene chimatchulidwa kawirikawiri pa gemuyi, koma magawo omaliza oseweredwa ndi atatu okha.

## Mmene wosewera angadziwire pomwe waima

Gemu siionetsa chiwerengero cha mayankho abwino ndi oipa pena paliponse. Chizindikiro chimene chilipo ndi Ciri mwiniwake. Yankho likakhala labwino amaseka kapena amaoneka kuti mtima wake wapepuka. Likakhala loipa amakhala chete kapena amachoka ali wokhumudwa, monga zimakhalira ndalama za mfumu zikamawerengedwa iye akuona.

Umboni womaliza umabwera Ciri atalowa pakhomo la mu nsanja. Gemu imaonetsa zithunzi za zimene akukumbukira, ndipo zithunzizo zimachokera pa mayankho aja. Zikakhala za kugendana ndi za ku manda, ndiye kuti akukumbukira zabwino. Koma pofika apa palibenso chosintha.

Njira yokhayo yokonzera ndi kubwerera pomwe munthu anaseva kale. Zimene gemu imaseva yokha zimafufutika zatsopano zikamabwera, choncho kawirikawiri sizifika kutali m'mbuyo. Malo awiri othandiza kuseva pamanja ndi asanalowe ku The Isle of Mists, pomwe mathero onse atatu amakhala otseguka ngati A Deadly Plot ikadatheka, ndi kumayambiriro kwa Blood on the Battlefield, pomwe mayankho asanu aja amakhala asanayambe.

Mu nkhani yowonjezera ya Hearts of Stone, yomwe inatuluka mu Okutobala 2015, muli malo amene gemu imaulula pang'ono za kuwerengeraku. Geralt akalola Gaunter O'Dimm kutenga mzimu wa Olgierd von Everec, akhoza kupempha mphotho yokhudza Ciri ngati sanamupezebe, ndipo O'Dimm amamulangiza mmene angakhalire naye kuti asamutaye.

## Zimene osewera amadandaula

Dandaulo lofala ndi lakuti mayankho ena oipa amaoneka achikondi. Kuperekeza mwana ku msonkhano wovuta, kapena kumuletsa kuphwanya katundu wa mwini, ndi zinthu zimene makolo ambiri angachite ndi mtima wabwino. Dandaulo lina ndi lakuti mawu afupiafupi a pa sikirini safotokoza zonse zimene Geralt achite. Mzere wouza Ciri kuti sangakhoze zonse sutchula za mowa, monganso mzere wa Dijkstra sutchula za mwendo. Ena amayamikira kachitidweka ponena kuti munthu amayankha mmene akumvera, osati mowerengera mphotho.

## Kuyerekeza ndi magemu ena

Magemu ena amaika chosankha chachikulu kumapeto kwenikweni. Mu Life Is Strange ya 2015, wosewera amasankha pakati pa kupulumutsa mnzake Chloe kapena tawuni ya Arcadia Bay, ndipo zosankha zonse ziwiri zimakhalapo kaya anachita zotani m'mbuyomo. Mu Mass Effect 3 ya 2012, kufanana kwa mathero kunakwiyitsa osewera ambiri, moti kampani ya BioWare inatulutsa zowonjezera zaulere zotchedwa Extended Cut mu Juni chaka chomwecho. The Witcher 3 inatenga njira yosiyana: inamwaza mayankho ofunika m'magawo angapo, ndipo funso lomaliza inalisiya lopanda mphamvu.

## Zotsatira mu nkhani zina

Mathero a gemuyi amaonekeranso mu Blood and Wine, nkhani yowonjezera imene inatuluka pa 31 Meyi 2016. Kumapeto kwake, ngati nkhani yaikulu inatha kale, Geralt amalandira mlendo kunyumba kwake ku Corvo Bianco. Amabwera Triss kapena Yennefer ngati anasankha mmodzi wa iwo. Ngati alibe aliyense, amabwera Ciri akakhala kuti anapulumuka, ndipo akakhala kuti sanabwerere amabwera mnzake Dandelion. Mu Disembala 2024, CD Projekt Red inaonetsa kanema woyamba wa The Witcher IV, momwe Ciri ndiye mwini nkhani ndipo akugwira ntchito ya ulenje wa zilombo.